Sukulu za mishoni: tiziike mbali iti polemba za utsamunda?

Wophunzira wa mbiri yakale akafunsidwa kulemba chimangirizo chokhudza ulamuliro wa atsamunda mu Nyasaland, kawirikawiri amagawa pepala pawiri. Mbali ina amaika zabwino, monga kuwerenga ndi kulemba, ina zoipa, monga kupha chikhalidwe, kenako n'kumaliza kuti zonse zinalipo. Chimangirizo chotere sichinama, koma sichifotokozanso kanthu, chifukwa sichinena kuti anapindula ndani, ku mishoni iti, nthawi iti.

Choyamba n'kusiyanitsa boma ndi mishoni. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre anakhazikika mu 1876, pamene ulamuliro wa Britain unalengezedwa mu 1891. Boma linayamba kuthandiza sukulu mu 1907, ndi mapaundi 1,000 okha oti mishoni zigawane, ndipo nthambi yoona za maphunziro inadzakhazikitsidwa mu 1926. Pa zaka zonsezi anthu anali kukhoma msonkho. Tsono wolemba kuti atsamunda anatibweretsera sukulu akupereka ulemu kwa boma lomwe linasiyira mipingo ntchitoyo. Sekondale yoyamba ya boma lenilenilo, ya Dedza, inatsegulidwa mu 1951.

Titenge Livingstonia. Mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya Overtoun ku Khondowe, yophunzitsa Chingerezi, uphunzitsi, ukalaliki, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi zaubusa. Phindu lake limaoneka pa anthu amene anatulukamo. Levi Mumba anali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, ndipo mu 1944 anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. Clements Kadalie anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Wokana phindu limeneli sakulemba mbiri moona.

Koma pa sukulu yomweyo panali denga loti munthu wakuda asalipyole. Charles Domingo anamaliza maphunziro a ubusa, nadikira kudzozedwa zaka ndi zaka mpaka anachoka osadzozedwa. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia anadzozedwa mu 1914, patapita zaka pafupifupi 40 mishoni itayamba. Mmodzi wa iwo, Yesaya Zerenji Mwasi, anadzatuluka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake, atatopa ndi kuyang'aniridwa ngati mwana. Apa zabwino ndi zoipa sizingaikidwe m'mabokosi awiri. Maphunziro amene anam'patsa Mwasi luso lotsutsa ndi omwewo anamuonetsa kuti luso lakelo silikumufikitsa pampando wofanana ndi wa mzungu. Ndime yolimba imanena zonse ziwiri pamodzi, n'kuonetsa mmene china chinaberekera chinzake.

Komanso Livingstonia si dziko lonse. A Dutch Reformed, amene anayambira ku Mvera mu 1889 nadzakhala ku Nkhoma, anamwaza sukulu zambirimbiri za m'midzi, koma anatsindika chinenero cha eni dera, Baibulo, ulimi ndi ntchito zamanja, osalabadira kwambiri Chingerezi. Chichewa chinapindula: anathandiza kwambiri kumasulira Buku Lopatulika, ndipo Samuel Nthara, mlembi wa Nthondo, anali mphunzitsi wa kumeneko. Koma mwana wa sukulu yotere sakanapikisana ndi wa ku Khondowe pa ntchito ya ukalaliki. M'midzi yomweyo, m'madera ambiri munthu ankayenera kusankha pakati pa sukulu ndi gule wamkulu, ndipo mkanganowo unagawa mabanja.

Amene amaiwalika kwambiri m'zimangirizo ndi anthu amene sanalowe n'komwe m'kalasi. Makolo ambiri achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga sankatumiza ana awo ku sukulu za mishoni poopa kuti akawatembenuza, ndipo mantha awo anali ndi maziko, pakuti kalasi linali khomo la ubatizo. Atsikana anali ochepa, ndipo ambiri ankakonzekeretsedwa zapakhomo. Zimene timawerenga lero zinalembedwa ndi amishoni eni ake kapena ophunzira awo opambana, choncho mawu a otsalirawa samveka pokhapokha wolemba atawafunafuna dala, ngakhale pofunsa agogo ake.

Kodi ndiye kuti wolemba asagamule? Agamule ndithu, koma chigamulo chikhale ndi malire. Ine ndinganene kuti pakati pa 1894 ndi 1940 sukulu za mishoni zinakweza anyamata ochepa, makamaka a kumpoto ndi a ku Blantyre, zinapatsa boma ndi eni maesiteti makalaliki otsika mtengo, ndipo zinakulitsa kusiyana kwa zigawo. Boma linaziona lokha kuti zikhoza kulitembenukira: John Chilembwe ataukira mu 1915, azungu ena a maesiteti analoza chala sukulu zoyendetsedwa ndi aphunzitsi akuda, ndipo Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anaziikira kumbuyo pamaso pa komiti yofufuza.