Kalata Yochokera kwa Abwana: Zimene Banki ndi Akazembe Amafufuza Mmenemo

Wogwira ntchito akafuna ngongole ku banki kapena viza yopitira kunja, amauzidwa kuti abweretse kalata yochokera kuntchito kwake. Ambiri amangolowa mu ofesi yoona za ogwira ntchito n'kunena kuti, "Mundilembereko kalata yoti ndimagwira ntchito pano." Mawa lake amalandira kapepala ka mizere itatu, n'kuthamanga nako. Kukafika uko amabwezedwa, kapena amangomva kuti pempho lawo lakanidwa.

Chimene chimasokoneza n'chakuti kalatayi siwerengedwa payokha. Woilandira amaiika pambali pa peyisilipi ndi sitetimenti ya ku banki, n'kumaona ngati mapepala atatuwa akunena chimodzi. Kalata ikanena zina, peyisilipi zina, sitetimenti zinanso, iye sayamba wafunsa kuti walakwitsa ndani. Amangoyamba kukayika zonse.

Banki ndi ofesi ya kazembe safunsa funso limodzi

Banki imafuna kudziwa ngati mudzabweze ndalama zake. Choncho maso ake ali pa ndalama imene imakutsalirani mwezi ndi mwezi, komanso ngati ntchitoyo idzakhalapobe mpaka ngongole idzathe. Ofesi ya kazembe imafunsa zina: kodi munthuyu ali ndi chomubwezera kwawo, ndipo kodi ndalama zimene akuti agwiritsa ntchito paulendo zikugwirizana ndi malipiro ake? N'chifukwa chake kalata imodzi siyenera kuyendetsedwa konse kuwiri. Musanapemphe, funsani kumene mukuipititsako zimene akufuna kuti zilembedwe. Mabanki ena ali ndi fomu yawoyawo imene abwana amangodzaza, kusaina ndi kudinda, ndipo mukabwera ndi kalata yolemba mwa inu nokha amakubwezani kuti mukadzazitse fomuyo.

Pali zinthu zimene zimafunika m'makalata onse awiri. Dzina lanu lilembedwe monga lilili pa chitupa cha unzika kapena pa pasipoti, osati monga amakuitanirani kuntchito. Mayi amene analembedwa ntchito ndi dzina la bambo ake, koma pasipoti anatengera dzina la mwamuna wake, auziretu wolemba kalatayo. Palembedwenso udindo wanu, tsiku limene munayamba ntchito, ngati ntchitoyo ndi yokhazikika kapena ya kontirakiti, ndi malipiro anu. Kalata ikhale pa pepala la kampani lokhala ndi chizindikiro, adiresi ndi manambala a foni, ikhale ndi deti, chidindo, dzina ndi udindo wa wosaina. Wosainayo akhale munthu amene ali ndi mphamvu yotero, monga mkulu woona za ogwira ntchito kapena mkulu wa kampani. Kapitawo wanu angakukondeni chotani, ngati likulu silikudziwa za kalata imene wasaina, tsiku limene a banki adzaimbe foni mudzaoneka wabodza.

Malipiro ake ati?

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Tiyerekeze mlembi wina wa pa kampani yogulitsa zipangizo zaulimi ku Lilongwe. Malipiro ake enieni ndi K600,000 pamwezi, kuwonjezapo alawansi ya nyumba ya K150,000. Zonse pamodzi ndi K750,000, ndipo akafunsidwa kuti amalandira zingati, amatchula imeneyo. Koma pa peyisilipi pake pamachoka msonkho wa PAYE umene umapita ku MRA, tingoti K170,000. Pamachokanso K30,000 ya penshoni, ndi K80,000 ya ngongole imene anatenga ku SACCO ya kuntchito. Imene imalowa mu akaunti yake ndi K470,000.

Banki iliyonse ili ndi malire a gawo la malipiro limene ingalole kuti lizipita ku ngongole. Tingoyerekeza kuti banki yakeyo imalola K40 pa K100 iliyonse. Mlembiyo akawerengera pa K750,000, aziganiza kuti angamabweze K300,000 pamwezi. Banki ikawerengera pa ndalama imene imamutsalira, ipeza K188,000 yokha. Kusiyana kumeneku ndiye kumachititsa kuti munthu apemphe ngongole yogulira poloti n'kupatsidwa yongokwana theka.

Tsopano onani mmene kalata ingamupwetekere. Ikangonena kuti "amalandira K750,000" osafotokoza kuti ndi ndalama yosachotsera kanthu, wa ku banki aona K470,000 pa sitetimenti n'kufuna kudziwa kumene kwapita K280,000. Ikanena K600,000 yokha, alawansi ya nyumba ija siwerengedwa. Kalata yabwino imatchula zonse: malipiro enieni, alawansi yokhazikika, zonse pamodzi, ndi yotsala akachotsa zochotsa. Ndalama za ovataimu ndi maalawansi a ulendo zisasakanizidwe ndi malipiro, chifukwa mwezi wina zimakhalapo, mwezi wina ayi. Ngati mwangokwezedwa kumene ndipo mapeyisilipi a miyezi yapitayi akusonyeza malipiro akale, kalata inene tsiku limene malipiro atsopano anayamba.

Ngongole ya ku SACCO ija isabisidwe. Iri pa peyisilipi, ndipo mabanki amafunsanso ku mabungwe osunga mbiri ya ongongola, monga Credit Data CRB ndi TransUnion. Kupempha akauntanti kuti akupangireni peyisilipi yosaonetsa ngongole ndi kumuika mnzanuyo m'mavuto omwe angamuchotsetse ntchito pamodzi ndi inu.

Mtundu wa ntchito nawo umalemera. Ngati mlembi wathuyu ali pa kontirakiti ya zaka ziwiri ndipo kwatsala miyezi 14, asayembekezere ngongole yobweza zaka zitatu, ngakhale abwana atamuuza pakamwa kuti kontirakitiyo adzaiwonjezera. Ngati ali pa nthawi yoyesedwa, zimavuta koposa. Lamulo la za ntchito la 2000 limalola kuti nthawi imeneyi ifike miyezi 12, ndipo mkati mwake ntchito ikhoza kutha popanda notisi. A banki amadziwa zimenezi. Amene nthawi yake yoyesedwa inatha aonetsetse kuti kalata yanena kuti anatsimikizidwa pa ntchito.

Pamene abwana amazengereza

Nthawi zambiri banki sikhutira ndi umboni wokha. Imafuna abwana alonjeze kuti malipiro anu azidutsira mu akaunti ya ku banki imeneyo mpaka ngongole idzathe, kuti sadzasintha akaunti popanda chilolezo cha banki, komanso kuti ntchito ikadzatha adzaidziwitsa. Ena amawonjeza kuti ndalama zimene mudzalandire posiya ntchito zidzadutsirenso momwemo. Kalata yotereyi si umboni chabe, ndi lonjezo limene likumanga kampani. N'chifukwa chake imachedwa kutuluka, ndipo makampani ena amakana kuisaina.

Mabwana ena amaopa kuti akasaina ndiye kuti avomera kudzabweza ngongoleyo inu mukalephera. Kulonjeza kudutsitsa malipiro ndi kwina, kuimira ngongole ya munthu ndi kwina. Werengani mawu a pa fomu pamodzi ndi abwanawo, ndipo ngati akukayikabe, pemphani wa ku banki awafotokozere. Inunso dziwani chimene mukuvomera: kuyambira pamenepo simungangodzuka n'kuuza a ku maakaunti kuti malipiro anu azipita ku banki ina.

Kalata ya viza

Pa viza yokacheza ku Britain, malangizo a boma la kumeneko amatchula kalata ya abwana yolembedwa pa pepala la kampani, yofotokoza udindo wanu, malipiro ndi nthawi imene mwagwira ntchitoyo. Ikhale m'Chingerezi. Koma chimene chimaipatsa mphamvu kalata ya viza ndi tchuthi. Inene tsiku limene tchuthi chikuyamba, tsiku limene chikutha, ndi tsiku limene mukuyembekezeka kubwerera pantchito, ndipo masikuwo agwirizane ndi amene mwalemba pa fomu komanso a m'kalata yokuitanani.

Tibwerere kwa mlembi uja. Mchemwali wake wa ku Manchester wamuitana kuti akakhale miyezi itatu. Lamulo la za ntchito limapereka masiku 15 a tchuthi pachaka kwa wogwira ntchito masiku asanu pasabata, ndi masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi, ngakhale makampani ena amawonjezerapo. Woona za viza adzifunsa kuti ndi kampani iti imene ingamasule mlembi wake miyezi itatu. Ngati anasunga masiku a chaka chatha, kapena gawo lina ndi tchuthi chosalipidwa, kalata inene zimenezo mosabisa. Chimodzimodzi ndalama. Munthu amene amatsala ndi K470,000 pamwezi, koma mu akaunti mwake mwalowa mamiliyoni angapo sabata imodzi asanapemphe viza, ayenera kusonyeza kumene zachokera. Ngati ulendo akulipirira ndi mchemwali wakeyo, zinenedwe choncho. Ngati ndi ulendo wa kuntchito, kalata itchule zimene kampani ilipire, kaya tikiti, malo ogona kapena chakudya.

Kukweza malipiro m'kalata kapena kudzipatsa udindo umene mulibe kuli ndi chilango chowawa. Malamulo a Britain amalola kukaniza munthu viza kwa zaka 10 akapezeka kuti anagwiritsa ntchito chinyengo.

Kapemphedwe kake

Pemphani polemba, osati pokumana m'khonde. Mawu ochepa akwana: "Bwana, ndikupempha kalata yotsimikizira ntchito ndi malipiro anga, yopita kwa mkulu wa nthambi ya banki yakutiyakuti, chifukwa ndikupempha ngongole. Itchule tsiku limene ndinayamba ntchito, mtundu wa ntchito yanga, malipiro onse ndi otsala. Ndidzayamika ndikailandira lisanafike Lachisanu la sabata yamawa." Simukakamizidwa kufotokoza chimene mukachite ndi ndalamazo. Pa viza, yambani mwapempha tchuthi n'kuvomerezedwa, kalata ibwere pambuyo.

Perekani sabata imodzi kapena ziwiri, makamaka ngati wosaina amakhala ku likulu inu muli ku nthambi. Ogwira ntchito m'boma awonjezereko nthawi, poti pempho limakwera masitepe: mphunzitsi amayambira kwa mphunzitsi wamkulu lisanafike ku ofesi ya maphunziro ya pa boma, ndipo nambala yake ya ntchito iyenera kufanana ndi ya pa peyisilipi. Pewani kumapeto kwa mwezi, pamene a ku maakaunti ali kalikiliki ndi malipiro. Musaitengenso msanga kwambiri. Kalata ikagona miyezi m'kabati, woilandira sangadziwe ngati mudakali pa ntchitoyo.

Amene amalandirira malipiro m'manja ali ndi ntchito yowonjezera, chifukwa sitetimenti yawo ilibe chochitira umboni kalata. Njira yake ndi kupempha kuti malipiro azidutsira ku banki miyezi ingapo asanapemphe ngongole kapena viza. Peyisilipi nayo apemphe, poti lamulo limati wolemba ntchito azipereka chikalata chofotokoza malipiro ndi zimene wachotsa.

Mukalandira kalata, iwerengeni musanatuluke mu ofesimo, peyisilipi ndi pasipoti zili pambali. Ngati pali cholakwika, ngakhale chilembo chimodzi m'dzina, ailembenso. Osakonza ndi bolopeni. Jambulani ina yosunga. Kenaka imbani nokha nambala ya foni imene ili pa pepala la kampanilo, chifukwa makampani ambiri akadali ndi mapepala osindikizidwa kalekale okhala ndi manambala amene anasiya kugwira ntchito. Ngati siikulira, pemphani kuti alembe nambala ndi imelo ya wosainayo pansi pa dzina lake, ndipo mumudziwitse kuti a banki kapena a ku ofesi ya kazembe akhoza kumuimbira kudzafunsa za inu.