Nambala Zikasanduka ##### pa Kompyuta, Ndalama Sizinasowe

Amene amasunga mawerengero a banki mkhonde, a sukulu kapena a golosale mu Excel amadziwa mmene mtima umagundira akatsegula fayilo n'kupeza kuti pamene pamayenera kukhala ndalama zonse za gulu pangoti #####. Ena amafufuta msanga n'kulembanso nambalayo pamanja, ndipo potero amawononga fomula imene inkawawerengera bwinobwino. Chonsecho palibe chimene chinali chitasowa. Nambala imakhala ilipo ndithu, kungoti kabokosi kake kachepa.

Tiyerekeze msungichuma wa gulu la anthu 12, aliyense akusonkha K85,000. Mayina ali mu kolamu A, ndalama mu kolamu B, kuyambira B2 mpaka B13. Pofuna kuti zonse zikwane pa pepala limodzi posindikiza, iye anachepetsa yekha kolamu B kufika pa mulingo wa 10, ndipo anasankha kuti nambala zizioneka ndi makoma komanso matambala. Pansi, mu B14, analemba fomula yophatikiza:

```
=SUM(B2:B13)
```

Anthu 11 atapereka, kabokosiko kakusonyeza 935,000.00, zonse zili bwino. Womaliza atangopereka, ndalama zikufika pa 1,020,000.00. Kwawonjezeka nambala imodzi ndi koma imodzi basi, koma malo atha, ndipo mu B14 mwadzaza #####.

N'chifukwa chiyani Excel sangoonetsako mbali imene yakwana? Ine ndimaona kuti apa anthu amene anapanga pulogalamuyi anaganiza bwino. Akanati adule nambala yoyambirira, msungichuma akanawerengera gulu 020,000.00 pamene m'thumba muli ndalama yoposa miliyoni, ndipo pagulu pakanabuka mkangano woopsa. Nambala yodulidwa imanama, ndiye Excel amakana kuionetsa n'komwe. Kuti mutsimikize kuti ilipo, lozetsani mausi pa zizindikirozo osadina, ndipo nambala yonse ituluka m'kabokosi kakang'ono pambali pake.

Njira yachidule yokonzera ndi kukulitsa kolamu. Pitani pamwamba pamene pali zilembo A, B, C, ikani mausi pa kamzere kolekanitsa B ndi C, kenaka dinani kawiri mofulumira. Kolamu B idzitambasula yokha mpaka kukwana chinthu chachitali kwambiri chimene chili mmenemo. Mungachitenso chimodzimodzi kudzera pa Home, kenaka Format, n'kusankha AutoFit Column Width. Mulingo umene Excel amagwiritsa ntchito ndi kuchuluka kwa nambala zimene zingakwane m'kabokosi, ndipo kolamu yatsopano imayambira pa 8.43. Mawerengero a makwacha sachedwa kupyola pamenepo, choncho ndi bwino kusiyiratu malo a ndalama zimene zidzakhalepo kumapeto kwa chaka, osati za mwezi woyamba zokha.

Koma msungichuma wathu uja anachepetsa kolamuyo dala, chifukwa cha pepala. Kwa iye njira yabwino ndi kusintha kaonekedwe ka nambala. Matambala akugwira ntchito yanji pa zopereka za K85,000? Asankhe kolamu B yonse, adine Ctrl+1, apite pa Number, ndipo pa Decimal places alembe 0. Tsopano B14 isonyeza 1,020,000 ndipo ikwana popanda kukulitsa kalikonse. Chofunika kukumbukira n'chakuti kusinthaku kumakhudza zooneka zokha. Ngati pali chiwongoladzanja chokhala ndi matambala, Excel amawawerengerabe ngakhale abisika, moti wina wophatikiza pamanja nambala za pa pepala angapeze kusiyana kwa kwacha imodzi.

Mawu amachita zosiyana ndi nambala, ndipo vuto lake ndi limene ndimaliopa kwambiri, chifukwa silichenjeza. Mukalemba chiganizo chachitali, chimasefukira m'kabokosi ka kumanja ngati mulibe kanthu. Mukangolemba chinthu m'kabokosi ka kumanjako, chiganizo chija chimaduka pa malire, popanda chizindikiro chilichonse. Tinene kuti mu kolamu C msungichuma analemba kuti "Wabweza ngongole theka lokha", ndipo mu D muli deti. Pa pepala losindikizidwa pangooneka "Wabweza ngong", ndipo aliyense wowerenga aganiza kuti munthuyo anamaliza kubweza. Mawu onse alipo, ndipo mukadina kabokosiko amaoneka m'kamzere kolembera ka pamwamba, koma wogwira pepala m'manja alibe podina.

Apa kukulitsa kolamu sikuthandiza kwenikweni, poti ndemanga imodzi yaitali ingatenge theka la pepala. Sankhani kolamu C n'kudina Wrap Text pa Home. Mawu apindika n'kutsikira pa mzere wachiwiri m'kabokosi komweko, ndipo mzere wonse wopingasa utalika kuti akwane. Mukafuna kusankha nokha podukira mawu, dinani Alt+Enter pamalopo. Nthawi zina mukadina Wrap Text mawu amakhalabe obisika kumunsi. Zikatero ndiye kuti wina anaikiratu pamanja msinkhu wa mzerewo, ndipo mukonza podina kawiri kamzere ka pansi pa nambala ya mzerewo kumanzere. Mabokosi ophatikizidwa ndi Merge & Center satalika okha, amafunika kuwakoka pamanja. Dziwaninso kuti Wrap Text sapinda nambala, kotero sangachotse #####. Palinso Shrink to fit, amene amachepetsa zilembo mpaka zikwane, koma sindimamulimbikitsa pa pepala lokawerengedwa ndi agogo pansi pa mtengo.

Nanga mukakulitsa kolamu kwambiri koma ##### osachoka? Yang'anani ngati m'kabokosimo muli deti kapena nthawi. Excel amasunga madeti ngati nambala zowerengedwa kuyambira pa 1 Januwale 1900, ndipo nthawi ndi gawo la tsiku. Sangathe kuonetsa deti kapena nthawi yotsika kupyola ziro. Izi zimachitika kawirikawiri polemba maola a mlonda wa usiku. Walowa 22:00, zolembedwa mu B2, ndipo waweruka 06:00, zolembedwa mu C2. Mukachotsera B2 pa C2 yankho limagwa pansi pa ziro, ndiye zizindikiro zija zimadzaza kolamu ngakhale itakula bwanji. Lembani chonchi m'malo mwake, ndipo mupeza 08:00:

```
=MOD(C2-B2,1)
```

Nambala za foni nazo zili ndi vuto lawolawo. Mukalemba nambala yoyamba ndi 0, Excel amataya ziroyo chifukwa amaitenga ngati nambala yowerengera. Mukailemba ndi 265 patsogolo imakhala ndi manambala 12, ndipo imasanduka chinthu chonga 2.65999E+11. Foni sitiiphatikiza kapena kuichotsera, choncho musanayambe kulemba, sankhani kolamu yonse, dinani Ctrl+1 n'kusankha Text. Izi n'zofunika koposa pa nambala zazitali za maakaunti, chifukwa Excel amasunga manambala 15 oyambirira okha, ndipo otsatira amawasandutsa maziro. Pamenepo ndiye nambala imakhala yawonongekadi, ndipo kusankha Text pambuyo pake sikuibwezeretsa. Muyenera kuilembanso kuchokera pamene munaitenga.

Musasokoneze ##### ndi mauthenga monga #DIV/0! kapena #REF!, amene amanena kuti fomula yeniyeniyo yalakwika. Amenewo sakonzeka ndi kukula kwa kolamu. Ndipo musanasindikize, dinani Ctrl+P n'kuyang'anitsitsa chithunzi cha pepala chimene chituluke, makamaka mzere wa ndalama zonse ndi kolamu ya ndemanga, chifukwa nambala imene imakwana mothinana pa sikirini nthawi zina imatuluka ngati ##### pa pepala.