Choumitsira cha dzuwa: nsomba imauma ndi mpweya woyenda, osati kutentha kokha

Nthawi ya dzinja tonse timaidziwa: usipa wafa wambiri usiku, mwauyanika pathandala m'mawa, masana mvula iyo. Pofika mawa lake wayamba fungo, ntchentche zaikira mazira, ndipo ogula akukupatsani mtengo wachipongwe. Mango nawo amapsa nthawi yomweyo n'kumaolera pansi pa mtengo. N'chifukwa chake ena mwa ife tamanga choumitsira cha dzuwa, kanyumba ka pepala la pulasitiki kamene ambiri amangoti tenti. Tikufuna tikufotokozereni zimene taphunzira, kuyambira pa cholakwa chathu chomwe.

Titamanga koyamba tinkaganiza kuti chimaumitsa nsomba ndi kutentha, ndiye tinatseka paliponse kuti moto wa dzuwa usathawe. Masana titatsegula chitseko tinalandiridwa ndi nthunzi ngati ya mumphika. Pepala lonse linali thukuta, madontho akugwera pa usipa, ndipo usipawo unali wofewa ngati wofutsa. Tsiku lachiwiri tinaupereka kwa nkhuku.

Chifukwa chake ndi ichi. Usipa wauwisi uli ndi madzi ochuluka: pa magawo anayi a kulemera kwake, pafupifupi atatu ndi madzi. Dzuwa limangotulutsa madziwo m'nsomba n'kuwapereka ku mpweya. Mpweyawo ukakhuta chinyontho sungalandirenso china, ndiye uyenera kutuluka kuti wouma ulowe. Ukatsekeredwa, madzi aja amabwerera kunsomba.

Mpweya wotentha umakwera m'mwamba wokha, monga umachitira utsi m'khitchini. Choncho polowera pakhale pansi, potulukira pakhale pamwamba penipeni pa denga. Tenti yathu ndi yotalika mamita 3, m'lifupi mamita 2, ndipo msinkhu wake pakati ndi mamita 2. Pansi, mbali imene mphepo imachokera kawirikawiri, tinasiya mpata wa mamita 2 m'litali ndi masentimita 15 kukwera. Pamwamba, mbali inayo, mpata ndi wotalika chimodzimodzi koma wa masentimita 20. Wapamwamba uzikulirapo, chifukwa ukachepa mpweya wonyowa umapanikizana kudenga. Mipata yonse iwiri tinaitchinga ndi sefa ya maso aang'ono kuti ntchentche zisalowe, ndipo uliwonse uli ndi kachidutswa ka pepala kotsekera.

Pansi tinayala miyala yakuda kuti izimwa kutentha. Mathandala ndi awiri, a neti, ofika m'chiuno, kuti mpweya uzidutsa kunsi kwa nsomba ndi pamwamba. Musayale mphasa kapena thumba pathandala, mwatseka njira. Musaunjikenso usipa, uliwonse ugone pawokha. Pa pepala, funsani lochindikala limene amamangira nyumba zolimamo tomato, chifukwa wamba lija limang'ambika ndi dzuwa miyezi ingapo yokha.

Kuti muone ngati mpweya ukuyenda, dikirani dzuwa likwere, nsomba musanaike. Yatsani kansanza, kazimitseni kuti kazingofuka, n'kukagwira pafupi ndi mpata wapansi, patali ndi pepala. Utsi uyenera kukokedwa, kudutsa m'mathandala, n'kutulukira kumwamba. Ukangozungulira m'katimo, kulitsani mpata wapamwamba.

Tsopano za kutentha. Dzanja limanama, gulani themomita yofika madigiri 100. Ya kuchipatala ija siyenera, imalekeza pang'ono kupitirira 40. Ipachikeni pa msinkhu wa thandala, osati kudenga kumene kumatentha koposa, ndipo muiphimbe ndi kakatoni pamwamba kuti dzuwa lisaiwombe, apo ayi mudzawerenga kutentha kwa galasi lake m'malo mwa mpweya. Ife timawerenga katatu: 9 koloko m'mawa, masana tikamachoka kumzikiti, ndi 4 koloko madzulo. Timalemba m'kope, pamodzi ndi mmene kunja kunachera.

Timafuna kuti masana izikhala pakati pa madigiri 45 ndi 55. Ikapitirira 60, nsomba imayamba kupsa m'malo mouma: kunja kumagwira chikhakha, m'kati madzi akadalimo. Usipa wotere umaoneka bwino tsiku lolongedza, koma pakatha sabata m'thumba wachita chuku. Mukaona ikuyandikira 60, tsegulani mipata yonse ngakhalenso chitseko, sefa ikhale yotchinga. Kukachita mitambo n'kutsika pansi pa 40, chepetsani mpata wapansi theka kuti mpweya uzichedwako n'kufunda, koma wapamwamba musatseke. Madontho akaoneka papepala masana, musafunsenso themomita, tsegulani.

Nanga tidziwa bwanji kuti yauma? Apa tigwiritse sikelo. Pa makilo 10 a usipa amene tayanika, timapatula kilo imodzi ndendende pa kaneti kakekake pakati pa thandala, n'kumakayeza nthawi zomwe tikuwerenga themomita. Tikuuzeni zimene zili m'kope lathu za ulendo wina mu Okutobala. M'mawa tinayamba ndi magalamu 1,000. Masana anali 720, madzulo 520. Mawa lake masana 370, madzulo 310. Tsiku lachitatu masana 300. Mwaona kuti poyamba madzi amachoka mofulumira, kenako pang'onopang'ono, chifukwa otsalawo ali m'kati mwa mnofu. Sikelo ikasiya kutsika, ndiye kuti ntchito yatha.

Nambala ya 300 ija si yamwayi. M'kilo imodzi, nsomba yeniyeni popanda madzi ndi magalamu pafupifupi 250, ndipo youma bwino imatsala ndi timadzi pang'ono. Ndiye makilo 10 akupatseni pafupifupi makilo 3, ngakhale usipa wonona umalemererako. Mukapeza makilo 4 musasangalale kuti mwapindula, amenewo ndi madzi, adzakuonongerani thumba lonse. Onjezaninso ndi dzanja: usipa wouma umathyoka, wosauma umapindika.

Tinayanikanso kilo ina pathandala la panja tsiku lomwelo, ndipo tinene zoona: m'chilimwe, mphepo ili youma, wapanja unauma pafupifupi limodzi ndi wa m'tenti. Kusiyana kunali pa ukhondo, wa m'tenti unalibe fumbi kapena ntchentche. Phindu lenileni tinaliona mu Januwale. Wa m'tenti unatenga masiku anayi chifukwa cha mitambo, koma unafika. Wapanja unanyowa kawiri n'kuchita mphutsi. Komabe tenti ili ndi malire. Mvula ikagwa masiku atatu osaona dzuwa, nayonso imalephera, ndiye ndi bwino kufutsa kapena kuwamba nsombazo zisanaonongeke. Usiku uliwonse tsekani mipata pepala likazizira, kuti chinyontho cha kunyanja chisalowe, ndipo mutsegule dzuwa likangotuluka.

Mango malamulo ake ndi omwewa. Sankhani akupsa koma olimba, asendeni, adulenidulenini mopyapyala pafupifupi theka la sentimita, zidutswa zofanana kuti ziume pamodzi. Kilo imodzi yodula imatsala magalamu pafupifupi 200. Ouma bwino sathyoka ngati usipa. Amapindika ngati chikopa, ndipo mukawafinya satulutsa madzi. Koma musawaike limodzi ndi nsomba kapena pa neti yomweyo, amatenga fungo, ndipo mango onunkha usipa ngakhale mwana amawakana.

Amene mwamanga kale tenti, yesani za utsi zija sabata ino, mango asanapse. Mukayanika, lembani manambala anu m'kope ndipo mubwere nalo tidzafanizire, chifukwa mphepo ya ku Nkhotakota si ya ku Mangochi, ndipo mipata imene yatithandiza ife mwina kwanu ifunika kusinthako.