Mizere isanu ya m'dayale, ndi zimene aneni amaulula

Mwana wa mchimwene wanga anabadwira ku Mangalande. Chichewa amamva, koma akati ayankhule lilime limalemera. Atabwera kudzakhala nane ku Zomba tinapangana kuti usiku uliwonse azilemba mizere isanu ya zimene wachita tsikulo m'Chingerezi, kenako aziimasulira yekha m'Chichewa patsamba loyang'anizana nalo. M'mawa tinkakhala pakhonde, iye n'kumawerenga mokweza, ine cholembera chofiira chili m'manja.

Mzere woyamba wa tsiku lina unati: "Dzulo ndapita kumsika." Apa panalibe chovuta. Kaphatikizo ka -a- ka mu "ndapita" kamanena zimene zachitika lero kapena posachedwa, zimene zotsatira zake zikuonekabe, choncho sikayenda ndi "dzulo". Ndinalemba pamwamba pake kuti "Dzulo ndinapita kumsika", tinapitirira.

Wachiwiri ndi umene unatidyera nthawi. Analemba kuti: "Agogo anabwera m'mawa uno." Sindinakonze msanga. Ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, agogowo ali kuti?" Iye anati, "Ali kuchipinda, azakhali, akugona." Ndiye kuti mzerewo unali kunama. Munthu akamva kuti agogo anabwera m'mawa uno, amaganiza kuti anabwera n'kubwerera. Ngati akadalipo timati "Agogo abwera m'mawa uno." Yesani nokha: mukauzidwa kuti "kwabwera alendo" mumathamanga kukagwira nkhuku, koma mukauzidwa kuti "kunabwera alendo" mumangofunsa kuti amafuna chiyani. Mneni wa Chichewa sangonena nthawi imene chinthu chinachitika, amaululanso ngati zinthu zikadali choncho. Mark Hanna Watkins anaona kusiyana kotere m'buku lake la malamulo a Chichewa la mu 1937, limene analemba ku Amereka mothandizidwa ndi Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago.

N'chifukwa chake dayale imaposa ziganizo za m'buku la sukulu. Chiganizo chakuti "Agogo anabwera" chilibe vuto pachokha, ndipo mphunzitsi wochonga mayeso angachipatse malikisi onse. Chinalakwika chifukwa agogowo anali kuchipinda, ndipo izi zimadziwika pokhapokha wokonza afunse mwini nkhani. Wokonza amene safunsa amangosintha zilembo.

Mzere wachitatu unali wa mtundu womwewo, koma woseketsa: "Tsopano ndikutopa ndipo ndikukhuta." Mtsikanayo anaona kuti m'Chingerezi walemba za nthawi ino, ndiye anatenga -ku-. Koma "ndikutopa" ndi munthu amene kutopa kukumulowa pang'onopang'ono, khasu likadali m'manja. Amene mphamvu zamuthera amati "ndatopa". Aneni onena za mmene chinthu chakhalira amatero ndithu: ndakhuta, wakwiya, mango apsa, mtsuko wadzaza.

Pa mzere wachinayi cholembera chinalephera, panafunika khutu. Analemba kuti: "Nditatuluka mumsika, mvula inagwa." Nditamufunsa, zinapezeka kuti mvulayo anaipeza ikugwa kale. Ndinamuuza kuti tinene "mvula imagwa". Anadabwa: "Azakhali, si paja munati -ma- ndi wa zochitika masiku onse?" Sananame. Tikamati mvula imagwa chaka chilichonse, mawu amakwera pa i- woyambayo. Tikamati mvula imagwa nthawi imene ndimatuluka, amakwera pa -ma-. Polemba sitisonyeza kukwera kwa mawuku, motero papepala ziwirizi n'zofanana, ndipo wophunzira amene amangolandira kope lokonzedwa osamva likuwerengedwa sangazisiyanitse. Tinazibwereza mokweza kangapo. Pomaliza ndinamulembera "mvula inali ikugwa", chimene sichisokoneza aliyense, n'kumuuza kuti za kale zimene zinkachitikachitika azigwiritsa -nka-, monga "Ndili mwana ndinkadana ndi therere."

Wotsiriza unati: "Sindagula nsomba, ndidzagula madzulo ano." Wophunzira aliyense amaganiza kuti kukana "ndagula" n'kungoika si- kumayambiriro. Ayi, timati "sindinagule", mneni n'kuthera ndi -e. Nayenso -dza- amakankhira zinthu kutsogolo, mawa kapena chaka chamawa. Za lero lomwe timangoti "ndigula madzulo ano", ndipo popeza nsombazo zili kumsika osati pakhomo, chabwino koposa ndi "ndikagula".

Njirayi ili ndi polekezera. Dayale imadzaza ndi ndi- komanso zinthu zapita, moti patatha milungu ingapo mtsikanayo ankati "ndinapita" mosaphonya, koma akafuna kunena za galimoto, chimanga kapena ana a oyandikana nafe ankasakaniza i-, chi- ndi a-. Tinawonjezera lamulo: pa mizere isanuyo, umodzi uzinena za munthu wina kapena chinthu, wina uzinena za mawa. Zokonza ndinkazisiya pa ziwiri kapena zitatu patsiku, ndipo mzere wolakwika sankaufufuta, ankaulembanso m'munsi mwake ndi dzanja lake.