Khasu Pakhonde, Mphika Pamoto: Kumasulira Ndakatulo Mzere ndi Mzere

Mayeso a MSCE akamayandikira, ophunzira ambiri a Fomu 4 amakhala ataloweza mayina a zipangizo za ndakatulo. Chifanifani amachidziwa, umunthu amaudziwa, mvekero akaiona amailoza ndi chala. Zimavuta pamene funso likuti afotokoze zimene mlakatuli akutanthauza ndi chithunzi china. Apa cholembera chimaima, chifukwa kutchula dzina la chipangizo ndi ntchito ina, kumasulira ndi inanso.

Njira yake imaoneka bwino pa ndakatulo yomwe ili pamaso. Iyi yapekedwa kuti ikhale chitsanzo m'nkhani ino, ndipo mutu wake ndi "Mafuwa Awiri":

Chizimalupsa chadutsa kachisanu,
khasu lanu likadali chiimire pakhonde.
Chiswe chalowa ufumu mumpini,
msewu wakumwera uli zii ngati manda.

Ndikuphika pa mafuwa awiri,
mphika wapendama, phala likulira m'phulusa.
Amene munamusiya kumsana waguluka dzino,
mawa khasu lipeza mpini watsopano.

Asanagwire mzere woyamba, wophunzira aiwerenge yonse mokweza kawiri, kenaka adzifunse kuti akuyankhula ndani, nanga akuyankhula kwa yani. Ndakatuloyi sinatchule mkazi kapena mwamuna, koma zizindikiro zilipo. Woyankhula akuphika, anasiyidwa ndi mwana kumsana, ndipo mnzakeyo akumulemekeza ndi mawu akuti "lanu" ndi "munamusiya". Ameneyu ndi mayi amene akuyankhula kwa mwamuna wake yemwe palibe. Woyankhula si mlakatuli. Ndakatulo yotere angailembe mnyamata wosakwatira, choncho yankho loti "mlakatuli anasiyidwa ndi mwamuna wake" ndi lolakwika kale.

Mzere woyamba ukuyamba ndi chizimalupsa, mvula yoyamba ija yomwe imagwa cha mu Okutobala dzuwa litaswa mtengo. Dzinalo likudzimasulira lokha: ndi mvula yozima lupsa, tchire lopsa ndi moto. Imagwa kamodzi pachaka. Tsono ngati yadutsa kachisanu, papita zaka zisanu. Mlakatuli akanatha kungolemba kuti "papita zaka zisanu", koma wasankha kuwerenga nthawi monga amawerengera mlimi. Kumudzi chizimalupsa ndi belu: mizere ikhale yokonzeka, denga lifoleredwe, mbewu ikhale pafupi. Imeneyi ndi nyengo yomwe kusowa kwa munthu wogwira naye ntchito kumapweteka kwambiri. Mzere umodzi wanena kutalika kwa nthawi, malo omwe nkhani ikuchitikira, ndi chimene chikumuwawa woyankhula.

Pamenepa pali kale njira yoti wophunzira aitsate m'mizere yonse. Choyamba achione chinthucho monga chilili. Chachiwiri adzifunse kuti chimagwira ntchito yanji pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Akatero ndiye afunse kuti chikuimira chiyani m'ndakatulomo. Amene amalumphira funso lachitatu asanayankhe awiri oyambawo amathera m'zongopeka.

Khasu la mzere wachiwiri likuyesedwa ndi mafunso omwewo. Khasu ndi chida cholimira, ndipo nthawi ya chizimalupsa malo ake ndi kumunda. Ili lili pakhonde, chiimire, monga analisiyira mwini wake. Mawu ofunika ndi "lanu". Palibe amene walisuntha kapena kulibwereka kwa zaka zisanu, ngati kuti mwini wake wangopita kuseri ndipo abwera posachedwa. Khasulo laima m'malo mwa mwamunayo, komanso likuonetsa kuti mkaziyo wakhala akumusungira malo.

Mzere wachitatu ndi umene ophunzira amauthamangira, chifukwa chipangizo chake n'choonekera. Chiswe sichilowa ufumu; amalowa ufumu ndi anthu. Uwu ndi umunthu, kupatsa chinthu chomwe si munthu makhalidwe a munthu. Koma kungolemba choncho ndi theka la yankho. Wolowa ufumu si mlendo wongodutsa: wakhazikika, ndipo akulamula. Aliyense amene anatolapo mtengo wodyedwa ndi chiswe akudziwanso kadyedwe kake. Chimadya mkati, kunja n'kumaoneka kwabwinobwino, mpaka tsiku lomwe munthu augwira n'kumuphwanyikira m'manja. Banja la mayiyu lili chomwecho. Anthu odutsa panjira akuona khasu pakhonde n'kumati pakhomopa pali mwamuna, koma mkati mwatha.

Mzere wachinayi ukutulutsa wowerenga pakhonde n'kumuimika pamsewu. Kwa Mmalawi, msewu wakumwera wotenga amuna ndi wodziwika: ndi wa ku Joni. Agogo ankapita kumigodi kudzera ku Wenela, yomwe pambuyo pake inadziwika kuti Theba, ndipo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, boma la Kamuzu Banda linaimitsa kaye ulendowo. Masiku ano achinyamata amakwera basi, kudutsa Mwanza kapena Dedza, Tete ndi Zimbabwe mpaka kukaoloka pa Beitbridge. Chichewa chili ndi dzina la munthu wopita osabwerera: mtchona. Ndakatulo sinatchule mawuwa, koma wophunzira wodziwa mbiri imeneyi amawamva.

Mumzere womwewu muli zipangizo ziwiri. "Zii" ndi mvekero, mawu omveketsa kachetechete, ndipo "ngati manda" ndi chifanifani. Msewu ndi malo aphokoso, tsono ukakhala zii ndiye kuti palibe chikubwera: kalata, foni, ndalama, ngakhale uthenga wapakamwa.

Apa pali mbuna yomwe ambiri amagweramo. Akaona mawu akuti "manda" amalemba kuti mwamunayo anamwalira. Ndakatulo sinatero. Chimene chafanizidwa ndi manda ndi msewu, ndipo chofanana pakati pa ziwirizi ndi bata. Mawu akuti "ngati" ndi chenjezo loti uku n'kufanizira chabe. Ndi zoona kuti manda akubweretsa fungo la imfa, ndipo wophunzira akhoza kunena kuti kwa mayiyu mwamuna wosamveka akufanana ndi wakufa. Koma akanakhala kuti anamwaliradi, mayiyu sakanayang'ana kumsewu, ndipo khasu silikanasungidwa ngati la munthu woyembekezeredwa. Kumasulira kukatsutsana ndi mizere ina, ndiye kuti kwaphonya.

Ndime yachiwiri ikusintha malo ndi munthu. Yoyamba inali ya zinthu za mwamuna, panja. Iyi ikuyamba ndi "ndi-", woyankhula akudzitchula koyamba, ali pamoto. Mafuwa amakhala atatu, ndipo chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anatereka mphika: pa miyala itatu mphika umakhazikika ngakhale pansi pakhale posalingana, pa iwiri umagwa. Fuwa lomwe likusowa ndi bamboyo. Mlakatuli sananene kuti banja lili "ngati" mafuwa awiri. Wangoika chithunzicho n'kusiya wowerenga alumikize yekha. Popeza mutu wa ndakatulo watengedwa pamzere umenewu, wophunzira adziwe kuti mtima wa nkhani uli pano.

Mzere wachisanu ndi chimodzi ukungotsiriza zomwe wachisanu wayamba. Mphika wapendama, phala latayika. Phala lotentha likagwera pa phulusa lamoto limachita phokoso, ndipo mlakatuli akulitcha kulira. Ndi umunthu kachiwiri, koma funso labwino ndi lakuti akulira weniweni ndani. M'mizere isanu ndi itatu yonse mayiyu sananenepo kuti akumva chisoni. Misozi yake waipatsa phala. Komanso phala lotayika ndi nsima yomwe sidyedwa, ndiye kuti pakhomopa chakudya chikuperewera.

Kenaka pakubwera mwana, wosatchulidwa dzina. Anasiyidwa ali kumsana, wakhanda, ndipo lero waguluka dzino. Mano oyamba a mwana amayamba kuguluka ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Wophunzira watcheru abwerere ku mzere woyamba n'kuwerengera: khanda la chaka chimodzi, kuonjezera chizimalupsa kasanu, zikukwana ndendende. Nthawi yomwe inayezedwa ndi mvula yayezedwanso ndi thupi la mwana. Bamboyo sanaone mwanayu akukwawa, akuyamba kuyenda, akuyamba kuyankhula. Mano omwe anamera iye kulibe ayamba kale kugwa. Kampata kam'kamwa mwa mwanayo kakukumbutsanso mpata wa pamafuwa paja.

Mzere womaliza ukubweza khasu lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndakatulo ikuyang'ana kutsogolo ndi mawu akuti "mawa". Pali kanthu kakang'ono komwe kasowa. Poyamba linali "khasu lanu", tsopano ndi "khasu" basi. Mwini wake walandidwa popanda phokoso.

Nanga mpini watsopano ndi chiyani? Ophunzira ena anganene kuti mayiyu waleka kudikira, akonza khasu n'kumalima yekha. Ena anganene kuti kusema mipini kumudzi ndi ntchito ya amuna, choncho mpini watsopano ndi mwamuna wina amene alowe m'nyumbamo. Matanthauzo onsewa ali ndi pogwira, ndipo mlakatuli wasiya dala khomo lotsegula: sananene kuti "ndisema", wati khasu "lipeza". Chomwe chilibe pogwira ndi kunena kuti mwamunayo akubwera mawa, chifukwa palibe mzere wasonyeza kuti msewu uja wayamba kumveka.

Zonsezi pamayeso zimafunika kulowa m'ziganizo zochepa. Funso litakhala lakuti wophunzira afotokoze chithunzi cha mumzere wachitatu, yankho loperewera lingati: "Mlakatuli wagwiritsa ntchito umunthu." Lokwanira lingati: "Mlakatuli wagwiritsa ntchito umunthu ponena kuti chiswe chalowa ufumu mumpini. Chiswe chimadya mtengo mkati, kunja kukuoneka kwabwino, ndipo kulowa ufumu kukusonyeza kuti chakhazikika. Izi zikuonetsa kuti banja la woyankhula lawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha kuchoka kwa mwamuna, ngakhale kunja likuoneka ngati lilipo." Muli dzina la chipangizo, mawu ochokera m'ndakatulo, ntchito ya chinthucho pa moyo weniweni, ndi tanthauzo lake.

Wophunzira amene anakulira m'tauni, kophika pa mbaula kapena pa magetsi, akhoza kukhala kuti sanaonepo fuwa, ndipo mawu akuti chizimalupsa angakhale achilendo kwa iye. Ameneyo asayambe ndi kupeka tanthauzo. Alembe mawu onse omwe sakuwadziwa, akafunse mphunzitsi, agogo kapena mnzake wa m'kalasi wochokera kumudzi, ndipo akapeza mpata atole miyala iwiri, aterekepo mphika wa madzi, aone mbali yomwe ugwere.