Msonkho womwe umadulidwa ndalama isanawoloke malire

Mlimi wa fodya amene anagulitsapo mabelo ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Limbe amadziwa kuti ndalama imafika m'manja itadulidwa kale. Boma silidikira kuti iye akapereke yekha msonkho, limatengeratu pamene ndalamayo ikuchokera. Njira yomweyi ndi imene bungwe lotolera misonkho la MRA limagwiritsa ntchito pa anthu ndi makampani akunja amene amapeza ndalama m'Malawi muno koma sakhala kuno. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu amene ali ku Sydney kapena ku London simungamutumizire kalata yomuitana ku Msonkho House ku Blantyre n'kuyembekeza kuti abwera. Amene mungamugwire ndi womulipira uja, poti iyeyo ali konkuno.

Ndalama zimene zimatuluka motere n'zamitundumitundu, koma zikuluzikulu ndi zitatu. Pali gawo la phindu limene kampani imapereka kwa eni masheya. Pali chiwongoladzanja cha ngongole yotengedwa kunja. Ndiye pali malipiro ogwiritsira ntchito chinthu cha mwini, monga dzina la kampani lodziwika kale, luso lopangira mankhwala kapena chakumwa, nyimbo, mabuku ndi mapulogalamu a pakompyuta. Lamulo la misonkho la dziko lino limati wolipira munthu wakunja adule K15 pa K100 iliyonse n'kukapereka ku MRA. Amadula pa ndalama yonse, osayamba wachotsa zimene wakunjayo anawononga, ndipo akatero nkhani ya msonkho wake kuno yatha. Zimasiyana ngati kampani yakunjayo ili ndi nthambi yokhazikika m'dziko muno, chifukwa pamenepo imapereka msonkho pa phindu lake monga amachitira makampani ena onse.

Pamene pagona nkhani ndi apa: ndalama imodzimodzi imasiya msonkho wosiyana malinga ndi dzina limene yapatsidwa potuluka. Tiyerekeze kuti kampani ya kuno, imene mwini wake ndi kampani ina yakunja, yapeza phindu la K100 miliyoni. Ikafuna kutumiza phindulo kwa mwini masheya, iyamba yapereka msonkho wa makampani, womwe ndi K30 pa K100 iliyonse. Patsala K70 miliyoni. Potumiza imeneyi adulanso 15 peresenti, yomwe ndi K10.5 miliyoni. Boma lapeza K40.5 miliyoni, kunja kwapita K59.5 miliyoni.

Tsopano tiyerekeze kuti mwini uja sanaike ndalama zake ngati masheya, koma anabwereketsa kampani yake yomwe ngati ngongole, ndipo chiwongoladzanja cha chaka chakwana K100 miliyoni yomwe ija. Chiwongoladzanja chimawerengedwa ngati ndalama yoyendetsera bizinesi, choncho chimachotsedwa phindu lisanawerengedwe. M'mabuku mukhala mopanda phindu, ndipo msonkho wa makampani palibe. Chotsalira boma ndi K15 miliyoni yodula potuluka ija basi. Kunja kwapita K85 miliyoni. Malipiro ogwiritsira ntchito dzina kapena luso amayendanso chimodzimodzi, ndipo iwo ndi ovutirapo kuwatsutsa, chifukwa ndani anganene molimba mtima mtengo weniweni wa dzina? N'chifukwa chake malamulo amaika malire pa ngongole imene kampani ingatenge kwa eni ake omwe, komanso amafuna kuti makampani apachibale azilipirana mitengo imene akanalipira kwa mlendo. Koma kutsimikiza zimenezi kumafuna akatswiri ndi nthawi, pomwe msonkho wodula potuluka umangofuna kuwerengera.

Nanga K15 miliyoni yotsalayo ingathenso kusowa? Inde, ndipo imasowa mololedwa ndi lamulo. Mayiko amasainirana mapangano oti munthu asalipire msonkho kawiri pa ndalama imodzi, ndipo m'mapanganowa dziko limene ndalama ikuchokera limavomera kutsitsa mlingo wake, mwina mpaka kuuchotseratu. Ganizolo palokha si loipa. Vuto ndi lakuti dziko ngati lathu limatumiza kunja ndalama zambiri zotere kuposa zimene limalandira, ndiye pangano looneka lofanana papepala limadyera mbali imodzi. Pangano la Malawi ndi dziko la Mangalande linalembedwa mu 1955, dziko lino likadali Nyasaland.

Chitsanzo chimene ambiri amakumbukira ndi cha mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, womwe kampani ya Paladin ya ku Australia inatsegula mu 2009. Malawi alibe pangano lotere ndi Australia, koma panthawiyo anali nalo ndi dziko la Netherlands. Mu 2015 bungwe la ActionAid linatulutsa lipoti lonena kuti chiwongoladzanja ndi malipiro a ulangizi ochokera ku mgodiwu zinkadzera ku kampani ya Paladin yolembetsedwa ku Netherlands, imene inalibe antchito, kenako n'kupitirira ku Australia popanda msonkho wodulidwa kuno. Lipotilo linati, kuphatikiza ndi zina zimene boma linakhululukira kampaniyi, Malawi anataya ndalama zokwana madola 43 miliyoni a ku America pa zaka zisanu ndi chimodzi. Nkhani yake siinali yakuti kampaniyo inaswa lamulo ayi. Khomolo analitsegula ndi boma, iyo inangodutsapo. Malawi anathetsa pangano lakalelo, lomwe linasiya kugwira ntchito mu 2014, ndipo mu 2015 mayiko awiriwa anasaina lina latsopano.

Msonkhowu sukhudza makampani akuluakulu okha. Mwini bizinesi yapakatikati amene wabwereka ndalama kunja, kapena akulipira laisensi ya pulogalamu, nayenso ali m'gulu lomweli, ndipo ndi amene amapsa kawirikawiri. Udindo wodula ndi wa wolipira. Akatumiza ndalama yonse osadula, MRA sipita kukafunafuna wolandira uja, imalipiritsa wotumizayo kuchokera m'thumba mwake, ndi chindapusa pamwamba. Msampha wina umabisala m'kontirakiti. Makampani ambiri akunja amalembamo kuti alandire ndalama yawo yathunthu, msonkho uliwonse wa kwanu n'ngwanu. Ngati mwagwirizana K17 miliyoni yathunthu, musawerengere 15 peresenti ya K17 miliyoni. Ndalama imeneyo ndi yotsala mutadula kale, kutanthauza kuti malipiro enieni ndi K20 miliyoni ndipo msonkho ndi K3 miliyoni. Amene sanawerenge mzere umenewu amadzazindikira ndalama itapita kale.

Komanso si zokwanira kuti wakunja angonena pakamwa kuti dziko lake lili ndi pangano ndi Malawi. Pafunika chikalata chochokera ku bungwe la misonkho la kwawo chotsimikiza kuti amakhala ndi kupereka msonkho kumeneko, ndipo mlingo wotsikawo uyenera kukhala wa mtundu wa ndalama imene mukulipirayo, poti pangano limodzi limatha kuika mlingo wina pa gawo la phindu, wina pa chiwongoladzanja. Mukadula, mupatseni umboni wa msonkho umene mwapereka. Mayiko ambiri amamuchotsera ndalama imeneyo pa msonkho wa kwawo, ndiye nthawi zambiri sataya kanthu, ngakhale adandaule chotani pokambirana mtengo.

Ine ndimaona kuti pangano lililonse lotsitsa msonkhowu liyenera kuikidwa poyera lisanasainidwe, ndipo aphungu athu azifunsa Unduna wa Zachuma kuti dziko litaya zingati pachaka ndiponso lipezapo chiyani. Inu amene mumalipira ndalama kunja, musanasaine kontirakiti pitani nayo kwa akauntanti wanu kapena ku ofesi ya MRA, mudziwiretu kuti msonkhowo ausenza ndani.