Kuwerengera Chobwerera: Ndalama za Chaka Zimayambira pa Makotesheni a Sabata Ino

Munthu wodzilemba yekha ntchito alibe malipiro a pakutha pa mwezi. Akanena kuti chaka chino akufuna kupeza zakutizakuti, mawuwo samuuza chochita Lolemba m'mawa. Chimene chimamuuza ndi kuwerengera chobwerera, kuchoka pa ndalama ya chaka kufika pa makotesheni oyenera kutumizidwa sabata iliyonse.

Tiyerekeze ndi wojambula zithunzi ndi makanema a mabungwe ku Lilongwe. Akufuna kuti K18 miliyoni izilowa pakhomo pa chaka. Mafuta, intaneti, kukonzetsa kamera ndi msonkho wa MRA, umene mabungwe amadulako asanamulipire, tinene kuti zikudya K6 miliyoni. Ndiye kuti ayenera kugwira ntchito za K24 miliyoni.

Ndalamayi asaigawe m'miyezi 12. Kumapeto kwa Disembala maofesi ambiri amatseka, Januwale amayamba mozizira, komanso matenda ndi maliro salephera. Akaigawa m'miyezi 10, mwezi uliwonse ukufunika K2.4 miliyoni. Ngati ntchito imodzi amalipitsa K600,000, akufunika ntchito zinayi pa mwezi. Imodzi imachokera kwa kasitomala wake wakale, choncho zitatu ndi zofunika kusaka.

Apa atsegule kaundula wake wa chaka chatha, aone makotesheni amene anatumiza ndi amene anavomerezedwa. Ngati pa anayi alionse umapambana umodzi, ntchito zitatu zija zikufuna makotesheni 12 pa mwezi, kapena kuti atatu pa sabata.

Asanakhutire, awerengenso masiku. Ntchito imodzi ikamatenga masiku 6, kujambula ndi kukonza komwe, zinayi zitenga masiku 24, pamene mwezi uli ndi masiku ogwira ntchito pafupifupi 22. Nanga makotesheni aja awalemba liti? Masamu akafika potere, vuto lili pa mtengo. Akamasaka ntchito zokulirapo za K800,000, zitatu zikukwanira. Zitenga masiku ngati 18, ndipo ziwiri zatsopano zikufuna makotesheni 8 okha.

Chinanso chopusitsa ndi nthawi. Kuchokera tsiku lotumiza kotesheni kufika tsiku limene ndalama ilowa kubanki, pangadutse miyezi itatu. Wotanganidwa mu Meyi n'kusiya kutumiza makotesheni, njala yake adzaiona mu Ogasiti.

N'chifukwa chake pakutha pa mwezi alembe manambala atatu: makotesheni otumizidwa, ntchito zopezeka ndi ndalama yolowa. Makotesheni akachepa, nthawi yosaka ntchito yadyedwa ndi zina. Akachuluka koma opambana n'kuchepa, mwina akugogoda pa makomo olakwika kapena mtengo sukugwirizana ndi ntchito zimene akuonetsa. Ntchito zikakhalapo koma thumba lili mbee, ayambe kupempha dipoziti asananyamule kamera, ndipo tsiku lomalizira kulipira lilembedwe mu mgwirizano.